Foni inandichenjeza kwa masabata awiri isanayake pabedi

Zala zitatu za kudzanja langa lamanja sizinabwererebe mwakale. Khungu lake ndi losalala ngati la mwana wakhanda, ndipo ndikagwira chivindikiro cha poto, ngakhale chongofunda chabe, thupi lonse limachita tsemwe. Ndikulemba ndi dzanja lomwelo, ndiye mundipirire ngati nkhani yanga ikhale yodumphadumpha. Mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ali pakhondepa akusewera ndi anzake, ndipo nthawi iliyonse ndikamva mawu ake ndimasiya cholembera n'kuthokoza Mulungu.

Ndimagulitsa kaunjika. Makasitomala ambiri amandipeza pa WhatsApp, ndalama zimalowa pafoni, oda ndimapanga pafoni. Choncho foni ikathima, bizinesi yagona. Ndikunena izi kuti mumvetse chifukwa chake ndinkaikakamira ngakhale itayamba kuonetsa zizindikiro.

Inayamba ndi kugwa. Ndikutsika minibasi ku Limbe, inapulumuka m'manja n'kumenyetsa kona pamwala. Sikirini sinasweke, ndipo ndinati ndapulumuka. Patapita masiku angapo ndinaona kuti moto sukukhalitsa: m'mawa yadzadza, pofika masana yatsala 20 peresenti, kenako n'kuthima yokha. Ndikaitchaja inkatentha moti ndikaiika patsaya ndinkaichotsa msanga. Kenako chivindikiro chakumbuyo chinayamba kukanuka mbali imodzi, kampata koti n'kulowetsa chikhadabo. Ndinaikanikiza ndi zala, siinatsekeke. Ndinatenga kamphira komangira ndalama n'kuikulunga kawiri. Tsiku lina ndinamva kafungo kotsekemera, konga ka mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, ndipo ndinaganiza kuti kachokera m'chikwama. Masabata awiri athunthu foni ikundiuza kuti yadwala, ine ndikuimanga ndi mphira.

Usikuwo unali wa mu Okutobala. Amene amakhala m'nyumba ya malata yopanda siling'i akudziwa mmene kumakhalira: dzuwa linalowa kalekale koma makoma akadali kutulutsa moto, munthu umagona thukuta lili kamukamu. Magetsi anali atazima kuyambira masana, foni itathimiratu. Bambo a mwanayu anali paulendo. Ndinakoka ekisitenshoni kufika nayo pafupi ndi bedi, ndinalumikiza tchaja, ndinasiya swichi yapakhoma ili yoyatsa kuti magetsi akabwera usiku foni iyambe yokha kulandira moto. Ndinailowetsa m'neti n'kuiika pansi pa pilo, poopa akuba opisa pawindo. Pilo ameneyo ndi amene mwana anadzagubudukirapo ali m'tulo.

Magetsi anabwera ife tili mtulo tofa nato.

Chimene chinandidzutsa ndi mawu a mwana. Sanalire. Anangondigwedeza paphewa n'kunena chapansipansi kuti, "Amayi, pilo akuwotcha."

Ndinatsegula maso. Fungo lija. Tsopano lodzadza chipinda, lokanda kukhosi. Ndipo panali kaphokoso, kakuti tsiii, ngati madzi akudonthera pamakala.

Ndinatukula pilo. Ndinaigwira ndi dzanja. Musadzachite zimenezo. Sindinamve kutentha poyamba, ndinangomva ngati yandiluma. Khungu linamatirira. Ndinakuwa, ndinakutumula dzanja, foni inathothoka n'kupyola pansi pa neti, kugwera pasimenti ikadali pachingwe. Inatulutsa utsi woyera, wambiri, uli tolotolo. Kenako phuu! Lawi lopyapyala, lamphamvu, lofuula ngati la owotcherera zitsulo. M'mphepete mwa neti munagwira moto. Neti siyaka ngati nsalu. Imasungunuka, imadontha, madontho ake akuyaka.

Ndinanyamula mwana ngati mtolo wa nkhuni. Tinatulukira mbali ina ya bedi. Utsi m'maso. Mwana akutsokomola. Kiyi ali pachitseko koma zala zanga sizikumugwira. Kawiri anandipulumuka. Ndinati Ambuye Yesu, Ambuye Yesu, sindinathe pemphero lina. Ndinatsegula ndi dzanja lamanzere.

Aneba athu a khomo loyandikana ndi lathu, bambo achikulire amene kale ankagwira ntchito yokonza mawaya a magetsi m'nyumba, anali atatuluka kale atamva kukuwa. Ine ndinali nditathamangira ndowa ya madzi imene inali pakhonde. Anandigwira mkono mwamphamvu.

"Mayi, dikirani! Mwathimitsa pakhoma?"

"Ayi, bambo."

Anathamangira pabokosi la magetsi lili pabalaza n'kugwetsa swichi yaikulu. Nyumba yonse bii. Atatero m'pamene anatenga ndowa ija, anaphimba mphuno ndi malaya, anakhuthulira madzi paneti ndi m'mphepete mwa matiresi, otsalawo pafoni. Tsiku limenelo mipopi inali youma, n'chifukwa chake ndinali nditatunga ndowa zitatu madzulo. Ndimati ndikaganiza kuti madzi akanakhala akutuluka bwinobwino sindikanasunga ngakhale dontho, ndimangoti Mulungu anakonzeratu.

Anatenga fosholo, anawola foni ija n'kukaisiya pabwalo padothi, kutali ndi khoma ndi mulu wa makala. Mnyamata wina anafuna kuitola kuti aone ngati simu khadi yapulumuka. Bambo aja anamukalipira kuti aisiye, chifukwa nkhani yake inali isanathe. Ndipo zoonadi, tili chiimire pamenepo, inayambanso tsiii n'kutulutsa utsi kachiwiri. Anaithiranso madzi n'kuikwirira ndi mchenga, nalamula kuti pasapezeke woyandikira mpaka kuche.

Pamenepo m'pamene ululu unandipeza. Miyendo inalobodoka, ndinakhala pansi. Amayi ena anabweretsa mankhwala otsukira mano, ena ankati tiswere dzira. Amene anandipulumutsa ndi mtsikana wa aneba omwewo, amene akuphunzira unamwino. Anakana zonsezo mwaulemu koma mosagonja. Anandivula mphete dzanja lisanatupe, anandigwiritsa dzanja pamwamba pa beseni, n'kumathira madzi ozizira ndi kapu mosalekeza kwa mphindi 20, akuyang'ana wotchi. Anati madzi oundana ayi, mafuta ayi, matuza osaboola. Kenako anakulunga ndi nsalu yoyera yochapa. Kutacha tinapita kuchipatala. Anamwino atatsuka bala anandifunsa za mwana, ndipo atamva kuti anapuma utsi uja anamuyeza m'chifuwa n'kundiuza kuti ndimuyang'anire usana ndi usiku wonse, akayamba kubanika kapena kupuma molira ndibwerere naye mosadikira. Utsi wa batire si utsi wa nkhuni, uli ndi mpweya wapoizoni umene umawotcha njira ya mpweya. Mwana anatsokomola masiku awiri, basi kunali kuchira. Kumutu kwake, pamene panali pilo, tsitsi silinapse ngakhale limodzi.

Patapita sabata ndinatenga chotsala cha foni ija, chili m'chitini cha mchenga, kupita nacho kwa wokonza mafoni wina amene aneba aja anandilozera. Sindinkafuna kuti aikonze. Ndinkafuna kumva chimene chinatsala pang'ono kundiphera mwana. Anaitembenuza ndi pulayala, anaona kamphira kaja katasungunukira pachivindikiro, n'kupukusa mutu.

"Mayi, iyi inatupa kaye, eti?"

Ndinavomera. Anatenga batire lina lakufa limene anali nalo, lofufuma ngati chitumbuwa, n'kundionetsa osalifinya. Anandifotokozera kuti batire la foni za masiku ano, limene amati la lithiyamu, m'kati mwake muli timapepala tiwiri tachitsulo topyapyala, tokulungidwa pamodzi kambirimbiri, ndipo pakati pake pali kapulasitiki kopyapyala kuposa tsitsi la munthu, kamene ntchito yake ndi kuletsa awiriwo kukhudzana. Zonsezi zimanyowa ndi timadzi tamankhwala timene timayaka ngati petulo. Fungo lotsekemera limene ndinamva lija linali la timadzi timeneti tikutuluka. Foni ikagwa n'kuphwanyika kona, kapena batire likakalamba, kapena likamatenthedwa kawirikawiri, timadzi tija timayamba kuwonongeka n'kusanduka mpweya. Mpweyawo ulibe potulukira, ndiye batire limafufuma n'kukankha chivindikiro kapena sikirini. Ine pomanga ndi mphira ndinkafinya chinthu chimene chinali chitavulala kale.

Kapulasitiki kaja kakabooka, kapena kakasungunuka, zimene zimachitika kutentha kukafika cha m'ma digiri 130, zitsulo ziwiri zija zimakhudzana. Moto wonse wosungidwa m'batire umatulukira pamalo amodzi. Kutenthako kumayambitsa kuwonongeka kwina m'mankhwala, kumene kumabweretsa kutentha kwinanso, ndipo m'masekondi ochepa zimadutsa madigiri 500. Zikafika apo, kuzula tchaja sikuimitsanso kanthu, chifukwa batire likudziwotcha lokha kuchokera m'kati. N'chifukwa chake inayambiranso pabwalo paja titaganiza kuti yazima. Anandikumbutsa za foni za Samsung Galaxy Note 7, zimene mu 2016 kampani yake inaitanitsa zonse kuti zibwezedwe, mpaka zinaletsedwa kukwera nazo ndege, chifukwa mabatire ake anali ndi vuto lopangitsa zitsulo za m'kati kukhudzana. Zinali foni zodula, zatsopano. Yanga inali yovulala, yotupa, ikulandira moto kuyambira pa ziro, m'chipinda chotentha cha mu Okutobala, itapanikizidwa pakati pa matiresi a siponji ndi pilo, pomwe kutentha kunalibe kothawira.

Ndinagula foni ina ndi ngongole ya kubanki m'khonde. Usiku woyamba kuitchaja ndinakhala pampando n'kumaiyang'anitsitsa. Patatha mphindi khumi ndinaikhudza ndi kunja kwa dzanja lamanzere. Inali yofunda. Mtima unagunda thithithi, ndinathimitsa pakhoma, ndinatuluka panja ndikunjenjemera, ndipo m'mawa mwake ndinali kale pakhomo pa wokonza mafoni uja. Sanandiseke. Anandikhazika pabenchi n'kundiphunzitsa kusiyanitsa, ndipo zimenezi ndi zimene zinandibwezera tulo.

Foni iliyonse imafunda ikamatchaja, makamaka ndi matchaja othamanga aja. Kufundako kumakhala kwakukulu batire likakhala lotsika, pamene likumeza moto wambiri nthawi imodzi, ndipo likamayandikira 80 peresenti foni imachepetsa yokha moto umene ikulandira, nayonso n'kuyamba kuzizira. Kufunda kotereku kuli ngati kwa kapu ya tiyi imene yakhalitsa patebulo: umatha kuigwira m'manja nthawi yaitali osavutika. Mabatire amenewa anapangidwa kuti azitchajidwa asanapitirire madigiri 45, ndipo mwayi wake ndi wakuti khungu la munthu limayamba kumva kuwawa cha pomwepo. Ndiye dzanja lanu ndi chipimo chokwanira. Ngati mukutha kuigwira bwinobwino, kawirikawiri kufundako si koopsa. Ngati mukulephera kuisunga pachikhatho kwa masekondi ochepa, yapyola malire, ndipo muithimitsire pakhoma nthawi yomweyo.

Koma chimene chimaulula zenizeni ndi zochitika mukaichotsa pamoto. Muivule kava ya raba ija, chifukwa imasunga kutentha ngati bulangeti. Mutseke zonse zimene zikuyenda, kapena muithimitse kumene. Muigoneke pasimenti kapena pa matailosi, pamthunzi, kutali ndi nsalu ndi mapepala. Foni yabwinobwino imayamba kuzizira mooneka pasanathe mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Ikatero, mufufuze chimene chinaitenthetsa: mwina munkaonera mavidiyo kapena kuimba foni ya vidiyo ili pamoto, mwina inali padzuwa pawindo, mwina netiweki inali yofooka ndipo inkalimbana nayo, mwinanso ndi tchaja kapena chingwe. Muyese ndi tchaja ina yodalirika, foni ili yothimitsa. Ikangofunda pang'ono, vuto linali tchaja kapena kagwiritsidwe. Ikatenthanso kwambiri ili yothimitsa, pamalo ozizira, ndi tchaja yabwino, vuto lili m'kati ndipo isabwererenso pamoto mpaka wodziwa aione. Musaiike mufiriji kuti izizire msanga. Ikatuluka imachita thukuta m'kati mwake, madziwo n'kuwononga zina.

Anandiphunzitsanso kumvetsera pamene kutentha kukuchokera. Kukakhala pakamwa polowetsera chingwe, ndipo pamenepo pakuda kapena pakununkha pulasitiki wopsa, kawirikawiri ndi chingwe chothyoka m'kati, fumbi, kapena chinyezi. Tchaja yeniyeniyo ikamawotcha moti simungaigwire, ikamalira tsetsetse, kapena foni ikamakugwirani ndi magetsi ili pamoto, tchajayo ndi yotaya lero lomwe. Magetsi a pakhoma kwathu kuno ndi mavolti 230, ndipo tchaja imawatsitsa kufika pa mavolti 5, kapena 9 ndi kupitirira pang'ono ikakhala yothamanga. M'matchaja otchipa kwambiri, opepuka ngati mulibe kanthu m'kati, chotchinga pakati pa magetsi aakuluwo ndi chingwe chimene mwagwira chimakhala chosalimba. Anthu amakonda kunena kuti ukayankha foni ili pamoto imaphulika. Kuyankhako pakokha sikuphulitsa foni. Choopsa ndi tchaja yoipa ndi batire lodwala, ndipo ine ndinali nalo batire lodwalalo m'chikwama tsiku lililonse.

Pali zizindikiro zina zimene sizifuna kuyesa kalikonse, ndipo izi ndikupemphani muzisunge pamtima. Foni ikapitiriza kutentha, kapena kutentha kukamakwera, mutaichotsa kale pamoto. Ikatupa. Ikatulutsa fungo lotsekemera lija. Ikamalira tsiii kapena kuthetheka. Ikatulutsa utsi ngakhale pang'ono. Pamenepo musayambe kufufuza simu khadi kapena zithunzi za ukwati. Thimitsani swichi pakhoma, kapena swichi yaikulu ya nyumba ngati soketi ili pafupi ndi utsi. Tulutsani ana. Ngati sinayambe kufuka, ikankhireni pafosholo, m'chiwaya kapena m'poto wachitsulo ndi mthiko, nkhope mutayang'ana kumbali, mukaisiye panja padothi. Ngati yayamba kale kufuka kapena kuyaka, musainyamule. Magetsi akakhala othimitsa, madzi ambiri ndi abwino, chifukwa amaziziritsa batire ndi kuzimitsa zimene zagwira moto pafupi. Mchenga umathandizanso kuikwirira. Musapume utsiwo, tsegulani mawindo ndi zitseko mukatha, ndipo moto ukagwira matiresi kapena makatani n'kukula, tulukani nonse, kokani chitseko, itanani anthu ndi ozimitsa moto. Matiresi a siponji amayaka msanga kuposa mmene munthu angathamangire kukatunga ndowa yachiwiri.

Chinanso chimene sindinkachiganizira ndi kotaya. Ambiri a ife timataya zinyalala kudzala n'kuziwotcha madzulo, ana ali chapafupi. Batire lotupa likalowa m'moto umenewo limaphulika. Musaliboole ndi msomali kuti mpweya utuluke, monga ndamvera kuti anyamata ena amachitira, chifukwa msomaliwo ndi umene umalumikiza zitsulo ziwiri zija. Liikeni m'chitini cha mchenga wouma, panja pamthunzi, mpaka mutalipereka kwa wokonza mafoni.

Masiku ano foni yanga imatchajidwa pabalaza, pasimenti, pakona pamene palibe nsalu, ine ndili maso. Magetsi akazima ndimazula tchaja, akabwera usiku ndimadikira kuche. Nthawi zina kasitomala amandisowa m'mawa foni itathima, ndipo ndataya malonda kangapo chifukwa cha zimenezi. Ndimavomera. Neti yatsopano tinapachika, koma pasimenti pafupi ndi mwendo wa bedi padakali chipsera chakuda chimene sichichoka ngakhale ndikolope bwanji. Mwana amachilumpha akamapita kukagona. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Amayi, ndikanapanda kudzuka bwenzi zitatani?" Ndinamukumbatira, sindinamuyankhe, ndipo ndinakalirira kubafa.

M'bale wanga, musanagone lero, vulani kava ya foni yanu. Muigoneke patebulo losalala sikirini ili pansi, muikanikize pang'ono m'makona muone ngati ikugwedera. Muiyang'ane m'mbali monse ngati pali pamene pakanuka, muinunkhize polowetsera chingwe. Mukapeza chimodzi mwa zimenezi, musaitchaje usiku uno, ndipo isagone m'chipinda chimene mukugona ana.